Mlangizi wa zachuma akati uphungu wake ndi waulere, akumulipira ndani?

Mlangizi wa zachuma akakhala nanu pansi kwa maola awiri, n'kukufunsani za malipiro anu, za sukulu ya ana ndi za ukalamba wanu, kenaka n'kunena kuti pa uphungu wakewo simulipira kanthu, sikuti akunama. Simutulutsadi ndalama m'thumba n'kumupatsa pamanja. Koma munthuyo ali pantchito, ndipo ntchito imeneyo ndi imene ikumudyetsa. Akumulipira ndi kampani imene akukugulitsirani pulani yake, ndipo kampaniyo ilibe kwina kotenga ndalamazo koma pa zanu zomwezo. Ndiye musavutike n'kufunsa ngati mukulipira kapena ayi. Mukulipira. Zofunika kudziwa ndi zitatu: mukulipira zingati, iye akulandira liti, ndipo akanalandira zingati mukanasankha njira ina.

Njira zimene alangizi amalipidwira n'zambiri, koma pano tigwire chinthu chimodzi chimene chimagulitsidwa m'mayiko ambiri ndipo chaliritsa anthu ambiri: pulani yosungira ndalama kwa nthawi yaitali, imene mumasonkha mwezi ndi mwezi kwa zaka 20 kapena 25, kampani n'kumaika ndalamazo m'thumba logulira masheya ndi zina zotero. Kawirikawiri amagulitsa ndi makampani a inshulansi, ndipo pena amaphatikizamo kainshulansi ka moyo. Mukaimvetsa pulani imeneyi, zina zonse sizikuvutani, chifukwa misampha yake imapezekanso kwina.

Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi achitsanzo, ndawasankha kuti masamu asavute, ndipo mutha kuwawerenga mu ndalama ya dziko lililonse. Si a kampani ina yake. Koma kamangidwe ka pulaniyi ndi kofanana ndi ka zimene zimagulitsidwadi.

Tizidutswa tinayi tooneka tating'ono

Tinene kuti mayi wina wa zaka 35 wavomera kusonkha 1,000 mwezi uliwonse kwa zaka 25. Zonse pamodzi adzasonkha 300,000. Mlangizi wamuonetsa pepala lokongola, mzere wa ndalama ukukwera ngati phiri, ndipo wati ndalamazo zitha kumakula ndi 7 peresenti pachaka. Ikadakhala kuti palibe chodulidwa chilichonse, 1,000 wa mwezi ndi mwezi, akukula ndi 7 peresenti, akanafika pafupifupi 783,000 pakutha pa zaka 25. Nambala imeneyi muisunge.

Tsopano titsegule kontirakiti, tsamba lija la timalemba ting'onoting'ono. Pa 1,000 aliyense wolowa, kampani ikudulapo 5 peresenti asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Kudula kumeneku sikulembedwa poyera nthawi zonse. Pena amalemba kuti 95 peresenti ya ndalama zanu ndi imene idzaikidwe m'thumba, pena amaika mitengo iwiri ya magawo a thumbalo, wogulira wokwera ndi wogulitsira wotsika, kusiyana kwake n'kukhala 5 peresenti yomweyo. Mulimonsemo, 50 wapita. Palinso ndalama yoyendetsera pulani, 30 pamwezi. Choncho pa 1,000 wa mayi uja, amene akufikadi m'thumba ndi 920.

Zodulidwa ziwirizi anthu amazidandaula chifukwa zimaoneka, koma si zimene zimapha. Zoopsa ndi ziwiri zotsatirazi. Kampani ikudula 1.5 peresenti pachaka pa ndalama zonse zimene zili mu pulani, ndipo oyendetsa thumba la masheya nawonso akudula 1.5 peresenti yawo pachaka. Yachiwiriyi nthawi zambiri simuipeza mu kontirakiti ya pulani, imakhala pa pepala lina lofotokoza za thumbalo, ndipo sioneka pa sitetimenti chifukwa amaichotsa asanalengeze mtengo wa magawo. Mlangizi akati "pulaniyi imangodula 1.5 peresenti basi", akhoza kukhala akunena zoona za pulaniyo, kwinaku akusiya theka linalo.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi ndi uku. Zodula pa ndalama yolowa zimadya kamodzi, pa 1,000 wa mwezi umenewo. Zodula pachaka zimadya mulu wonse, chaka chilichonse, kuphatikizapo ndalama zimene anazidula kale chaka chatha ndi dzana. M'chaka choyamba 3 peresenti ya kamulu kakang'ono siifika ndi 200 yomwe, mwini wake sangaimve. M'chaka chomaliza, pamene mulu uli cha m'ma 450,000, 3 peresenti yomweyo ikuposa 13,000. Tikaonjezapo 960 ya zodula za mwezi ndi mwezi, m'chaka chimenecho mayi uja akudulidwa zoposa 14,000, pamene iye akusonkha 12,000. Akusonkha chaka chathunthu koma zonse zikuthera kulipira anthu omusungira, mpaka kuperewera.

Tiwerengetse zonse. Akulowa ndi 920 pamwezi, ndipo kukula kwa 7 peresenti kwatsika kufika pafupifupi 4 peresenti, popeza 3 yadulidwa. Pakutha pa zaka 25 mayi uja adzapeza pafupifupi 468,000. Amene akufuna kutsimikiza atha kulemba izi mu pulogalamu yowerengetsera ya pakompyuta, momwe 1.04 akuimira kukula kwa 4 peresenti pachaka, 300 ndi miyezi yosonkha, ndipo 920 ndi ndalama yofika m'thumba pamwezi, n'kusintha manambalawo kuti agwirizane ndi pulani yake:

```
=FV(1.04^(1/12)-1, 300, -920)
```

Mayi uja akadzalandira 468,000 adzasangalala, chifukwa anasonkha 300,000 ndipo wapindula 168,000. Palibe amene adzamuuze kuti ndalama zake zinabala phindu la 483,000, ndipo 315,000 mwa phindulo inapita ku zodulidwa pamodzi ndi kukula kumene ndalama zodulidwazo zikanabweretsa. Kunena kwina, pa magawo atatu a phindu, pafupifupi awiri apita kwa ena, chonsecho ndalama zinali zake, ndipo msika ukanagwa wolira akanakhala iye yekha. Tikaphatikiza zodulidwa zonse zinayi n'kuziona ngati nambala imodzi, ndalama zake zakula ndi 3.4 peresenti pachaka m'malo mwa 7. Mitengo ya zinthu itakhala kuti inkakwera ndi 4 peresenti pachaka m'zaka zimenezo, ndiye kuti wasunga kwa zaka 25 n'kutuluka ndi ndalama zogula zinthu zochepa kuposa zimene akanagula pamene ankasonkha.

Kusunga kopanda chodulidwa chilichonse kulibe, ndiye kuyerekeza ndi 783,000 kokha sikungakhale chilungamo. Tiyerekeze ndi njira ina yotheka: mayi yemweyo akuika 1,000 wake m'thumba lotchipa, zodulidwa zonse pamodzi n'kukhala 1 peresenti pachaka, popanda kudula polowa. Ndalama zikukula ndi 6 peresenti, ndipo pakutha pa zaka 25 zikufika pafupifupi 676,000. Ngakhale atalipira mlangizi 3,000 kuchokera m'thumba mwake pa tsiku loyamba kuti amuthandize kusankha, ndalama imene ikanakula kufika pafupifupi 13,000, akutsalabe ndi 663,000. Uphungu wolipira uja wamusiya ndi 195,000 kuposa waulere uja.

Komishoni imabwera liti

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri safunsa. Mu mapulani a mtundu umenewu, mlangizi salandira pang'onopang'ono m'zaka 25 zonsezo ayi. Gawo lalikulu la komishoni yake amalandira kumayambiriro, mukangosaina n'kuyamba kusonkha, ndipo kawirikawiri amaiwerengetsera potengera ndalama zonse zimene mwalonjeza kudzasonkha, osati zimene mwasonkha kale. Tinene kuti mu chitsanzo chathu komishoniyo ndi 4 peresenti ya lonjezo lonse. Pa 300,000 ndiye kuti 12,000, kufanana ndendende ndi zosonkha za mayi uja za chaka chathunthu. Iye wangopereka 1,000 woyamba, mlangizi walandira kale 12,000.

Mukadziwa chimenechi, zinthu zambiri zimene zimaoneka zosagwirizana zimayamba kumveka.

Choyamba ndi kutalika kwa pulani. Mayi uja akanasankha zaka 10, lonjezo lake likanakhala 120,000, komishoni n'kukhala 4,800. Kungosintha nambala imodzi pa fomu, kuchoka pa 10 kufika pa 25, mlangizi waonjezera malipiro ake kawiri ndi theka, ntchito ili yomweyo, maola ali omwewo. Ndiye mukamva akuti, "Mayi, tengani ya zaka 25, ndalama zimakula bwino zikakhalitsa," dziwani kuti mawuwo ali ndi zoona zake, komanso ali ndi mwini phindu. Ndalama zimakuladi zikakhalitsa, koma kuti zikhalitse sizifuna kuti mumangidwe ndi kontirakiti. Mutha kusunga zaka 25 m'thumba limene mungatulukemo tsiku lililonse. Chimodzimodzi akamakulimbikitsani kuyamba ndi ndalama yokwera, akumati "mukadzaona kuti zikukulemerani tidzatsitsa". Komishoni yawerengedwa kale pa ndalama yokwerayo, ndipo m'mapulani ena zodulidwa zimapitirirabe kutengera ndalama yoyambayo ngakhale mutatsitsa.

Chachiwiri ndi chindapusa chotulukira msanga. Kampani yatulutsa 12,000 kupatsa mlangizi, ndipo ikufuna kuibweza kuchokera kwa mayi uja. Akakhala zaka zonse 25 ibwerera yokha kudzera mu zodulidwa zija. Nanga akafuna kutuluka pakutha pa zaka 3, ntchito itamuthera kapena matenda atagwa pakhomo? Wasonkha 36,000, ndipo sitetimenti ikuonetsa kuti mu pulani muli pafupifupi 35,000. Pofika apa kampani yatolera pafupifupi 3,600 yokha pa zodulidwa zake, ndiye yatsala ndi dzenje loposa 8,000. Dzenje limeneli ndi limene chindapusa chimakwirira. Ngati kontirakiti ikuti wotuluka m'chaka chachitatu adulidwa 30 peresenti, ndiye kuti 10,500 yapita, ndipo mayi uja akulandira 24,500 pa 36,000 imene anapereka. Msika sunagwe, thumba lachita bwino zaka zonse zitatu, koma iye wataya 11,500.

N'chifukwa chake ndimati tebulo loonetsa ndalama zimene mungalandire mutatuluka chaka chilichonse ndi lofunika kuposa pepala lina lililonse limene angakupatseni. Sitetimenti imaonetsa nambala ziwiri, ya zimene zili mu pulani ndi ya zimene mungatenge mutatuluka lero, ndipo yanu yeniyeni ndi yachiwiriyo. Mlangizi akakana kukuuzani komishoni yake, tebulo limeneli limaulula. Ngati mutasonkha 12,000 m'chaka choyamba mungatuluke ndi zochepa kwambiri kapena chimanjamanja, musafunsenso kuti ndalamazo zapita kuti. Zaka 25 ndi nthawi yaitali pa moyo wa munthu. Muli kusintha ntchito, kusamuka, ukwati, maliro, ana obadwa mosayembekezera. Pulani imene imakomera munthu yekhayo amene sadzaphonya mwezi kwa miyezi 300 inapangidwira munthu wosowa.

Chachitatu ndi khalidwe la mlangizi mwiniwake. Makampani nawonso si opusa. Amaika lamulo lakuti kasitomala akasiya kusonkha m'nyengo yoyambirira, kaya ndi chaka chimodzi kaya ziwiri, mlangizi abweze komishoni yonse kapena gawo lake. Choncho m'miyezi imeneyo foni siiduka, amakufunsani za ana, amakukumbutsani tsiku losonkha. Nyengoyo ikangotha, zii. Ndipo ngati adzatulukirenso, nthawi zina amabwera ndi nkhani yakuti kwatuluka pulani yatsopano yabwino kuposa yakale, musamukireko. Kusamuka kotereku kumakulipiritsani chindapusa ku pulani yakale, n'kumubweretsera iye komishoni yatsopano ku inayo. Oyang'anira za chuma m'mayiko ambiri amatenga kusamutsa kasitomala kotereku ngati mlandu kukakhala kuti kasitomalayo sakupindulapo kanthu. Wina akakuuzani kuti musamuke, muuzeni alembe pa pepala limodzi zimene mutaye potuluka, zimene mudulidwe polowa kwinako, zimene iye alandire, ndi zaka zimene zidzatenge kuti mubwerere pamene munali.

Za mabonasi sindichedwapo. Mapulani ambiri amalonjeza mphatso kwa wokhulupirika, mwina 10,000 mukafika kumapeto. Iikeni pafupi ndi 315,000 ija muone kukula kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mu pulani muli inshulansi ya moyo, imeneyo ndi chinthu chenicheni ndipo ili ndi mtengo wake, koma funsani kuti inshulansi yofanana nayo ingakhale ndalama zingati mutaigula payokha. Mukachotsa mtengo umenewo, zotsalazo ndiye mtengo wa kusunga.

Phindu lake likasemphana ndi lanu

Sindikunena kuti aliyense wolandira komishoni ndi wakuba. Alipo ambiri oona mtima, amene amakhulupiriradi zimene akugulitsa, ena mpaka anagula okha pulani yomweyo. Vuto si mtima wa munthu. Vuto ndi lakuti malipiro amakoka maganizo mwakachetechete, ndipo munthu sachedwa kukhulupirira kuti chinthu chimene chikumudyetsa ndi chabwinonso kwa ena. N'chifukwa chake kuyang'ana nkhope ya mlangizi kuti muone ngati ndi wachilungamo sikuthandiza. Yang'anani kumene malipiro ake akumukokera.

Njira yachidule yoonera ndi kufunsa za uphungu umene sumubweretsera kalikonse. Tinene kuti mayi uja ali ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka. Kuika 1,000 mu pulani imene mwina ibala 3.4 peresenti, kwinaku ngongole ikudya 20 peresenti, n'kutaya ndalama poyera. Uphungu wolondola ndi wakuti ayambe wabweza ngongoleyo, asunge kandalama kapadera kothandizira pakagwa zadzidzidzi, ndipo ngati kuntchito kwake kuli thumba la penshoni limene abwana amaonjezerapo iye akasonkha, ayambe wadzaza kumeneko. Pa zitatu zonsezi mlangizi wa komishoni sapezapo kanthu. Ndiye ngati munthu wakhala nanu maola awiri osakufunsani za ngongole, kapena wafunsa koma yankho lanu silinasinthe chimene akukugulitsani, mwadziwa kuti anabwera ndi yankho lake m'chikwama musanatsegule pakamwa.

Funso lina ndi lakuti ali ndi ufulu wosankha pakati pa makampani angati. Wina ndi wantchito wa kampani imodzi kapena banki imodzi ndipo amagulitsa za kwawo zokha. Palibe cholakwa pamenepo bola anene, chifukwa mukadziwa mumamutenga ngati wogulitsa, n'kukafunsanso kwina. Wovuta ndi amene amadzitcha woima payekha, chonsecho pafupifupi makasitomala ake onse amathera ku kampani imodzi. Mufunseni mosapita m'mbali kuti mwa anthu amene wawathandiza chaka chathachi, angati anawapititsa ku kampani imeneyi. Mufunsenso ngati thumba limene akukusankhirani ndi la kampani yachibale ndi imene amagwirako, chifukwa pamenepo nyumba imodzi ikudya kawiri, pa pulani ndi pa thumba. Palinso malipiro osaoneka pa pepala lanu: mlingo wa zogulitsa umene ayenera kukwanitsa pakutha pa mwezi, bonasi ya wogulitsa kwambiri, maulendo okasangalala amene makampani amalipirira alangizi awo. Mawu akuti "mwayi umenewu utha Lachisanu" nthawi zambiri amanena za tsiku lomaliza la iyeyo, osati lanu.

Komishoni ina imabwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, yotengedwa mu zodula za thumba zija, ndipo imapitirira malinga ngati ndalama zanu zili momwemo, kaya mlangizi akukuimbirani kaya anakuiwalani kalekale. Ku India nkhani imeneyi inaonekera poyera. Bungwe loyang'anira msika wa masheya kumeneko, SEBI, linaletsa kudula ndalama polowa m'matumba oterewa mu Ogasiti 2009, ndipo kuyambira Januwale 2013 linalamula kuti thumba lililonse likhale ndi khomo lachiwiri la anthu ogula okha osadzera kwa wogulitsa. Thumba ndi lomwelo, masheya ndi omwewo, woyendetsa ndi yemweyo, koma zodula pachaka n'zosiyana, ndipo kusiyanako kwenikweni ndi komishoni. Kulikonse kumene muli, funsani ngati thumba limene akukupatsani lili ndi mtundu wina wotchipa wopanda komishoni.

Mayiko ena anaona kuti kungouza anthu za komishoni sikukwanira. Dziko la Britain linaletsa alangizi kulandira komishoni pa uphungu wa kaikidwe ka ndalama kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2012, ndipo Australia inachitanso zofanana kuyambira Julayi 2013. Koma musaganize kuti mlangizi wolipidwa ndi kasitomala ndi mngelo. Ku Australia komweko, kafukufuku wa boma amene anatsogolera woweruza wopuma Kenneth Hayne, yemwe anapereka lipoti lake lomaliza mu Febuluwale 2019, anapeza kuti makampani akuluakulu ankadula anthu ndalama ya uphungu chaka ndi chaka popanda uphungu uliwonse woperekedwa, ena mwa odulidwawo atamwalira kale. Ku Britain nakonso, komishoni itachoka, anthu a ndalama zochepa ambiri anayamba kusowa wowalangiza, chifukwa mtengo wa uphungu utaonekera poyera unawakulira.

Malipiro a mtundu uliwonse ali ndi mbali imene amakokera. Mlangizi amene amatenga 1 peresenti pachaka ya ndalama zimene akukuyang'anirani amapindula ndalama zanu zikakula, zimene zili bwino, koma amataya mukatapapo kuti mubweze ngongole ya nyumba, ndiye musadabwe akamazengereza pa nkhani imeneyo. Wolipidwa pa ola akhoza kutalikitsa ntchito. Wolipidwa ndalama yokhazikika kamodzi akhoza kuigwira mothamanga ntchitoyo. Kwa ine, wa ndalama yokhazikika kapena wa pa ola ndi amene kukoka kwake n'kosavuta kukuona, chifukwa mtengo uli patebulo ndipo susintha kaya musankhe chiyani. Komabe kwa munthu wosonkha zochepa, 3,000 ya tsiku limodzi ikhoza kukhala yosatheka, ndipo komishoni yaing'ono yonenedwa poyera, pa chinthu chopanda chindapusa chotulukira, ingamukomere kuposa kukhala wopanda uphungu.

Zimene muyenera kutenga musanasaine

Musalole kuti zokambirana zithere mu maperesenti. Peresenti ndi chilankhulo cha wogulitsa, chifukwa 1.5 imamveka ngati kanthu kochepa. Muuzeni kuti, "Bambo, mundilembere mu ndalama zenizeni: ndikasonkha 12,000 chaka chino, zodulidwa zonse pamodzi, za pulani ndi za thumba, zikhala zingati? Inuyo ndi kampani yanu mulandirapo zingati chaka chino, nanga zaka zotsatira? Ndikatuluka pakutha pa chaka choyamba, chachitatu ndi chachisanu, ndidzatenga zingati?" Yankho likhale lolembedwa, pa pepala la kampani kapena pa imelo, osati la pakamwa.

Mayankho ozemba amadziwika. "Zimenezo imalipira ndi kampani, osati inu" ndi loyamba, ndipo taona kale kumene kampani imazitenga. "Musadandaule ndi zodulidwa, phindu lidzakwirira zonse" ndi lachiwiri. Phindu ndi loyerekeza chabe, likhoza kubwera kapena ayi, pamene zodulidwa zinalembedwa mu kontirakiti ndipo zimachoka ngakhale chaka chimene msika wagwa. Pa pepala la mzere wokwera lija, funsani ngati 7 peresenti ikunenedwayo ndi ya zodulidwa zisanachotsedwe kapena zitachotsedwa, ndipo mupemphe kuti akusindikizireni lina la kukula kotsika, ngati 3 peresenti. Mu pulani ya mayi uja, msika utamakula ndi 3 peresenti yokha, zodula za pachaka zikanadya kukula konseko, ndipo akanatuluka ndi pafupifupi 276,000, kuchepera pa 300,000 imene anasonkha.

Za layisensi n'zachidule. Tengani dzina lake ndi la kampani yake mukazione nokha pa mndandanda wa bungwe loyang'anira za chuma m'dziko lanu, muonenso kuti layisensiyo ndi yolangiza kapena yongogulitsa inshulansi. Ndalama muzilipira ku akaunti ya kampani yosunga ndalamazo, osati ya mlangizi, ndipo sitetimenti izichokera ku kampaniyo mwachindunji. Mapepala mupite nawo kunyumba osasaina. Mlangizi wabwino sakhumudwa nazo zimenezi.

Nanga amene anasaina kale? Ngati n'zaposachedwa, fufuzani mu kontirakiti nyengo yololedwa kusintha maganizo. Mayiko ambiri amapereka masiku angapo, kawirikawiri pakati pa 14 ndi 30, oti munthu abweze pulani ya inshulansi popanda chindapusa, ngakhale kuti msika ukakhala utatsika m'masiku amenewo akhoza kukuchotserani kutsikako. Kalata yake ipite ku kampani, osati kwa mlangizi yekha, ndipo musunge umboni wa tsiku limene mwaitumiza.

Ngati papita zaka, zimafunika masamu, osati mkwiyo. Komishoni ija inapita, siibwerera kaya mukhale kaya mutuluke, ndiye musaiwerengerenso. Yerekezani za kutsogolo zokha. Mayi uja akakhalabe mpaka kumapeto adzapeza 468,000, kuphatikizapo bonasi ya 10,000 ikhale 478,000. Akatuluka m'chaka chachitatu, n'kumeza chindapusa cha 10,500, n'kuika 24,500 yotsalayo m'thumba lotchipa lija, n'kupitiriza kusonkha 1,000 pamwezi kwa zaka 22 zotsalazo, adzafika pafupifupi 623,000. Kutuluka kukumupweteka lero, koma kukumusiya ndi 145,000 yoonjezera.

Sikuti nthawi zonse yankho limakhala lotuluka. Kuyerekeza kwachangu ndi uku: tengani kusiyana kwa zodula za pachaka pakati pa pulani yakale ndi njira yatsopano, muchulukitse ndi zaka zotsala, muyerekeze ndi chindapusa. Kwa mayi uja kusiyanako ndi 2 peresenti. Zitatsala zaka 22, chindapusa cha 30 peresenti n'chopiririka, makamaka poti ndalama zambiri sanasonkhebe ndipo zimenezo zipulumuka ku zodulidwa zonse zinayi. Zitatsala zaka ziwiri zokha, apulumutsa pafupifupi 4 peresenti, ndiye ngati chindapusa chili 8 peresenti ndipo bonasi ili pafupi, kuli bwino apirire amalize. Pakati pa njira ziwirizi pali yachitatu imene makontirakiti ambiri amalola: kusiya kusonkha koma osatulutsa zimene zilimo, n'kumaika ndalama zatsopano kwina. Musanaisankhe funsani ngati 30 wa mwezi ndi mwezi uja apitirire kudulidwa, chifukwa pa mulu waung'ono amaudya msanga. Onaninso ngati kutuluka kungabweretse msonkho, ndipo ngati mu pulaniyo muli inshulansi ya moyo imene banja lanu likudalira, musaithetse musanapeze ina, popeza zaka zikapita kapena thanzi likasintha, yatsopano imakwera mtengo kapena akhoza kukukanirani kumene.